Soneti ya Tadala: mizere yakwana 14, koma siikukhota

Tadala: Anzanga ndithandizeni. Alekichala atipatsa asainimenti yolemba soneti, tipereke Lachisanu. Akuti mizere 14, raimu ioneke ndondomeko yake, ndipo pakhale pokhotera, pamene iwo akuti volita. Atilola kulemba m'Chingerezi kapena m'Chichewa, ine ndasankha Chichewa. Ndikulemba za nyanja ya Chilwa itauma mu 2018, poti kwathu ndi kufupi ndi ku Kachulu. Poyambira pake ndi apa:

Nyanja ya Chilwa inayamba kuuma
Asodzi onse anayamba kulira
Ana kusukulu analeka kupita
Chifukwa kunyumba kunalibe chakudya

Mizere ina khumi ikupitirira chimodzimodzi mpaka kumapeto. Yonse ikuthera ndi a, ndiye raimu ilipo eti?

Yamikani: Aise, soneti ili ndi malamulo ake. Raimu ndi ABAB CDCD EFEF GG, mzere uliwonse ukhale wa ayambiki pentamita, ndipo pokhotera pamakhala pa mizere iwiri yomaliza. Ife tinalemba chaka chatha. Zako zija ndi AAAA, akuchotsera malikisi.

Chisomo: Ine ndimaona ngati pokhotera ndi pamene umadumpha mzere n'kuyamba ndime ina. Ingodumpha mzere pakatipo basi, kasanu ndi kawiri uku, kasanu ndi kawiri uku. Ine ndikamalakatula pa siteji ndimangopuma pang'ono, anthu amadziwa okha kuti tasintha.

Mayi Nachisale: Ndakuwerengani nonse. Ndinaphunzitsako zimenezi ku sekondale ndisanapume, ndiye ndiloleni ndilowerere. Chisomo mwanangu, kudumpha mzere ndi nkhani ya pepala, pomwe pokhotera ndi nkhani ya ganizo. Ukhoza kudumpha mizere itatu koma ganizo likuyendabe njira yomwe ija. Yamikani wanena zoona, koma za mtundu umodzi wokha, wa Shakespeare. Soneti inabadwira ku Sisile m'zaka za m'ma 1200, ndipo amene anaitchukitsa ndi Petrarch wa ku Italiya, yemwe anamwalira mu 1374. Yake imagawika pawiri: mizere 8 yoyamba ya ABBAABBA, kenako mizere 6 ya CDECDE kapena CDCDCD, ndipo imakhota pa mzere wa 9. Angerezi anaitenga m'zaka za m'ma 1500 n'kuisintha chifukwa chinenero chawo chimasowa mawu ofanana mathero. Kupeza mawu anayi a raimu imodzi, kawiri konse, kunkawavuta, ndiye anamwaza raimu zikhale zisanu ndi ziwiri, iliyonse ya mawu awiri okha.

Yamikani: Komabe Madamu, ya Shakespeare imakhotera kumapeto. Zimenezo ndikutsimikiza.

Mayi Nachisale: Zina inde. Mwa 154 zimene zinasindikizidwa mu 1609, ya nambala 130 imadikira mpaka mzere wa 13. Koma katsegule ya nambala 18, upeza kuti yakhota pa mzere wa 9, ndipo mzerewo ukuyamba ndi mawu otanthauza kuti koma. Ndiye ngakhale mwini wakeyo sankatsatira lamulo lako nthawi zonse.

Tibwerere kwa Tadala. Mwanangu, vuto la mizere yako ndi lakuti m'Chichewa mawu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo a liwu alipo asanu okha. Aneni ambiri amathera ndi a. Ndiye kuuma, kulira, kupita, chakudya, khutu silimva kuti wasankha chilichonse, chifukwa ngakhale kalata yopempha ngongole imathera ndi a mzere ndi mzere. Raimu imene imamveka kwa ife imayambira pa liwu lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene timakoka tikamayankhula. Tchula mokweza: nyanja, manja, banja, panja. Kuyambira pa a woyambayo mpaka kumathero zonse n'zofanana, chasintha ndi chakutsogolo chokha. Yesanso mtima, nsima, kulima, kuzima. Kulira ndi kupita sizigwirizana, koma kulira ndi njira zikugwirizana.

Tadala: Ndamva Mayi. Ndiye ndisankhe mtundu uti?

Mayi Nachisale: Ine ndikanakhala iwe ndikanatenga ya Petrarch. Chichewa sichisowa raimu ngati Chingerezi, pa mbali imeneyi chili pafupi ndi Chitaliyana. Mawu anayi a raimu yoyamba ndakupatsa kale, ndipo onse akukhudza nkhani yako. Peza wekha ena anayi a raimu yachiwiri usanalembe mzere ngakhale umodzi. Uonetsetse kuti malembo a liwu ake asiyane ndi a -anja. Ukatenga njala, kukhala, mwala, kutsala, mizere yonse 8 imveka a-a, a-a, ndipo womvera sasiyanitsa A ndi B.

Yamikani: Nanga ayambiki pentamita? Palibe soneti yopanda imeneyo.

Mayi Nachisale: Imeneyo ndi ya Chingerezi, chifukwa mawu awo ali ndi phatikizo lina lolemera, lina lopepuka, ndiye amatha kuwandandalika chopepuka, cholemera, kasanu pa mzere. Chichewa sichiyenda choncho, ukachikakamiza uzitchula mawu ngati mlendo. Ife tiwerenge maphatikizo, mzere uliwonse akhale ofanana. Ataliyana amawerenga 11, kulemera kukugwera pa la 10, ndipo mzere wa Chichewa wa maphatikizo 11 umachita zomwezo wokha poti timakoka lachiwiri kuchokera kumapeto. Mizere ya Tadala ija ili ndi 12, 12, 13, 13. Sipatali, koma pafunika kudula. Powerenga usamale ndi m woima yekha. Mtima ndi atatu, m-ti-ma. Mchenga ndi atatu. Koma mvula ndi awiri, nyanja ndi awiri. Mbale yodyera ndi awiri, m'bale wako ndi atatu. Werenga ndi zala uku ukutchula, osati ndi maso.

Yamikani: Ine ndikuonabe kuti alekichala akafuna kukhwimitsa anena kuti mita palibe. Tadala, kafunse kaye.

Tadala: Ndinafunsa m'kalasi. Anati wolemba m'Chichewa asankhe muyezo wake koma ausunge, ndipo afotokoze pansi pa ndakatulo kuti wasankha uti.

Kondwani: Ine yanga ndikulemba m'Chingerezi ndipo vuto langa ndi lina. Ndinaika "leave" ndi "live" ngati raimu, mnzanga wa chaka chachitatu akuti sizigwirizana. Ine ndikatchula zikumveka chimodzimodzi. Ndinaikanso "love" ndi "move".

Mayi Nachisale: Mnzakoyo akunena zoona. Pakamwa pathu mawu awiri oyambawo amafanana chifukwa tili ndi i mmodzi yekha, koma eni ake ali ndi wautali ndi wamfupi. Komanso akanafanana ndendende, kuyambira lembo loyamba, ikanakhala mawu amodzi obwerezedwa, osati raimu. Awiri enawo amafanana pa pepala pokha, ngakhale alakatuli akale a Chingerezi ankachita zotero ndipo ena amazilola. Tsegula dikishonale, yang'ana zizindikiro za katchulidwe zimene amaika pambali pa mawu, ufananize kuyambira pa liwu lolemera mpaka kumapeto.

Kondwani: Ndiye mizere inayi yagwa. Chabwino, ndigona mochedwa.

*Lachitatu*

Tadala: Magetsi anazima kuno ku Chikanda, ndalembera pa tochi ya foni. Raimu yachiwiri ndatenga -enga. Mizere 8 yoyamba nayi:

Chaka chija inatithawa nyanja,
dzuwa linabwera kudzaitenga;
mabwato anagona pa mchenga
ngati ng'ombe zoiwalika panja.
Asodzi onse anapinda manja,
makoka anakwezedwa kudenga;
ku Kachulu kunafika uthenga
wakuti Joni amadyetsa banja.

Ndawerenga ndi zala, yonse ndi 11. Pa mzere wa 9 ndakhota chonchi:

Koma anthu tisataye mtima,
mvula ikagwa tidzadyanso nsima

ndipo inayi yotsalayo ikulimbikitsa anthu kudzala mitengo m'mbali mwa Likangala.

Chisomo: Eee izi ndiye zabwino. Mawu akuti koma aja aonekeratu, wakhota basi. Pa siteji anthu angaombe m'manja pamenepo.

Yamikani: Ndavomereza, mizere 8 ija yagwira. ABBAABBA yeniyeni. Koma mtima ndi nsima motsatizana ndi CC, sizili mu CDECDE.

Mayi Nachisale: Yamikani waona bwino pa CC, koma chimenecho n'chaching'ono. Mizere 8 ija ndaikonda, makamaka iwiri yomaliza, chifukwa yaika kanthu kamene sikanathe: uthenga wafika, ndiye wina apita ku Joni, ndani? Wowerenga akudikira. Kenako iwe wamusiya pamenepo n'kukwera pa nsanja kukachititsa msonkhano. Mawu akuti koma ndi chikwangwani chabe, sakhotetsa ndakatulo pa okha. Pali njira ziwiri zoyesera. Yoyamba, bisa mizere 6 yomaliza ndi dzanja, werengera mnzako 8 yoyamba, umufunse kuti chikubwera n'chiyani. Akanena kuti mvula idzagwa zinthu zidzakhala bwino, ndipo n'zimene walemba, ndiye kuti sunamupatse kanthu. Yachiwiri, dula mizere 6 ija uimatike pansi pa ndakatulo ina iliyonse ya mavuto, kaya ya njala, kaya ya kusefukira kwa madzi. Ikakwanira bwinobwino kumeneko, siinabadwe kuchokera m'mizere yako 8. Tisataye mtima ikhoza kukwanira paliponse.

Pokhotera penipeni pamasintha chinthu chimodzi chooneka. Ikhoza kukhala nthawi, kuchoka pa kale kubwera lero. Akhoza kukhala amene ukuyankhula naye, unkauza gulu ndiye watembenukira munthu mmodzi. Kapena unafunsa ndiye ukuyankha, kapena zimene unanena poyamba ukuzitsutsa. Ndipo mizere 6 ija itenge zinthu zimene zili kale m'mwambamo, mabwato, uthenga, banja, izionetse mwa mtundu wina. Siya kaye raimu. Lemba ziganizo ziwiri wamba, chimodzi cha mizere 8, china cha mizere 6. Choyamba uli nacho: nyanja inachoka ndipo anthu anayamba kuganiza za ku Joni. Chachiwiri n'chiyani, chimene ukuchidziwa iwe, ife osachidziwa?

Tadala: Nyanja inabwerera ndi mvula ya kumayambiriro kwa 2019. Bambo anga anapita ku Joni nthawi imene ija, iwo sanabwerere mpaka pano.

Mayi Nachisale: Soneti yako ndi imeneyo mwanangu. Ngati suli womasuka kuti kalasi yonse imve za kunyumba, ukhoza kuika malume kapena munthu wongopeka, palibe amene adzakufunse chiphaso. Koma kapangidwe kake kakhale komweko.

Tadala: Palibe vuto Mayi, kwathu aliyense amadziwa.

Ankolo a ku Jali: Pepani ana inu, ine za masoneti sindizidziwa, anandilowetsa pagulu pano ndi mdzukulu wanga. Koma nsomba za ku Chilwa ndagulitsa zaka zambiri. Ku Kachulu kulibe mchenga woti bwato n'kugonapo. Kuli matope akuda, akauma amang'ambika ming'alu yoti phazi la mwana limalowa. Mu 1995 tinaziona, mu 2018 tinazionanso, anthu ankapita ku Chisi wapansi ndi pa njinga. Munthu wa kumeneko akawerenga mchenga aseka.

Tadala: Ankolo mukunena zoona, ndi matope. Koma matope sakugwirizana ndi -enga.

Chisomo: Ndakatulo si lipoti la boma Ankolo. Mchenga ukumveka bwino, usiyeni.

Mayi Nachisale: Apa ndi pamene raimu imanamitsa munthu. Mawu amabwera chifukwa akumveka, osati chifukwa ndi oona, ndipo chizindikiro chake n'chakuti ukanalemba chiganizo wamba sukanawaika. Mawu a -enga sanathe: nthenga, kulenga, kupenga. Mwachitsanzo mizere ya 3 ndi 4 ikhoza kukhala:

akakowa anangosiya nthenga,
mabwato anagona okha panja.

Yonse ndi 11, ndipo mbalame zinachokadi madzi atachoka. Koma ng'ombe zako zija zatayika, ndipo ndikudziwa kuti unazikonda. Usankhe wekha.

Ankolo a ku Jali: Ng'ombe zija zisachoke, zikufanana ndithu ndi mmene mabwato ankaonekera. Chotsani mchenga wokhawo.

Yamikani: Sizitheka Ankolo, mzere wa 3 uyenera kuthera ndi -enga, ndipo wa 4 ukutsamira pa wa 3. Mukachotsa kamodzi zonse zigwedezeka.

*Lachinayi*

Tadala: Mizere 6 yomaliza, CDECDE:

Bambo, madzi aja anabwerera.
Pamsika padzazanso matemba,
bwato lanu likuwola pa doko.
Ife tatopa kuyembekezera
kalata yomwe munati mulemba;
pachitseko sitiikapo loko.

Poyamba mzere wa 13 ndinalemba kalata imene simunalemba, kenako ndazindikira kuti Chichewa chake ndi simunalembe, ndiye raimu ndi matemba inafa. N'chifukwa chake ndautembenuza.

Mayi Nachisale: Wachita bwino kuutembenuza m'malo mophwanya chiyankhulo. Ambiri amasiya simunalemba pomwepo n'kumati ndi ufulu wa mlakatuli, wochonga n'kuika mzere wofiira. Tsopano taona zimene zachitika pa mzere wa 9. Palibe koma, komabe aliyense amva kuti ndakatulo yatembenuka, ndipo yatembenuka pa mawu oyamba enieni. M'mizere 8 unkafotokozera gulu za anthu onse, asodzi, mabwato, makoka, zonse zochuluka ndi zakale. Pa Bambo wayang'ana munthu mmodzi, nthawi yasanduka lero, mabwato asanduka bwato lanu. Uthenga unafika pa mzere wa 7, ndipo pa mzere wa 13 pali uthenga wina umene sukufika. Inatithawa ya pa mzere woyamba tsopano ikumveka kawiri, poti tadziwa kuti anachoka si nyanja yokha, chikhalirecho sunanene poyera kuti bambo anathawa. Yesa kumatika mizere 6 imeneyi pansi pa ndakatulo ina, siingakwanire.

Chimene sichinandikhutiritse ndi mzere wa 12. Tatopa kuyembekezera ukunena zimene mzere wa 11 ndi wa 14 akuonetsa kale, ndipo ukulimbana pang'ono ndi chitseko chosakhoma, poti wotopa amakhoma n'kugona. Mwina kulimbanako n'kumene ukufuna. Ngati sichoncho, chotsa tatopa.

Tadala: Ndikufuna kukhale choncho Mayi. Amayi amanena kuti atopa, koma chitseko sakhoma.

Mayi Nachisale: Ndiye usiye, koma ukonzeke kuyankha choncho akakufunsa m'kalasi.

Kondwani: Funso langa ndi kalata. Ndani amalemba kalata kuchokera ku Joni masiku ano? Anthu amaimba foni kapena kutumiza mawu pa WhatsApp. Ndikuona ngati matemba ndi amene akoka kalatayo, chimodzimodzi mchenga uja.

Tadala: Pa foni timalembanso. Ndikhoza kunena kuti mawu awiri munati mulemba, ndi 11 yomweyo.

Kondwani: Imeneyo ndiye ikumveka ya masiku ano, koma ikufuna kamawu kolumikiza, mawu awiri amene munati. Popanda amene ikudumpha.

Chisomo: Siyani kalata inu. Kalata imapweteka kuposa meseji.

Yamikani: Ine changa ndi loko. Ndakatulo yonse ndi Chichewa chabwino, makoka, doko, matemba, kenako mawu omaliza enieni ndi obwereka. Alekichala ena sakonda zimenezo. Komanso raimu ya doko ndi loko yatalikirana, mzere wa 11 ndi wa 14, pofika pamenepo khutu laiwala. Ukanatseka ndi mizere iwiri yogwirizana ngati Shakespeare zikanamenya kwambiri.

Mayi Nachisale: Kutalikiranako ndi khalidwe la CDECDE, raimu iliyonse imadikira mizere itatu, ndipo mathero ake amatera mofatsa. Mizere iwiri yogwirizana imatseka ngati chigamulo cha bwalo, ndipo nkhani ya munthu amene sanabwerere siinagamulidwe. Ndi chifukwa china chimene ndinanenera kuti atenge ya Petrarch. Za loko, Joni nayenso ndi wobwereka ndipo sunadandaule. Ndi mawu amene anthu amanena akamagula chinthucho pa Mpondabwino.

Yamikani: Joni ali pakati, loko ali pothera. Si zofanana Madamu.

Ankolo a ku Jali: Kwathu timati loko. Koma mchenga uja mwautani?

Tadala: Ndasindikiza mapepala awiri Ankolo, lina la mchenga ndi ng'ombe, lina la akakowa. Ndisankha mawa m'mawa. Mayi, zilembo za raimu ndiziika kumanja kwa mzere uliwonse kapena ndingolemba ABBAABBA CDECDE pansi?

Mayi Nachisale: Ika kumanja kwa mzere uliwonse, wochonga asavutike kuwerenga. Pansi ulembe ziganizo zitatu: kuti mzere uliwonse uli ndi maphatikizo 11 ndipo m wa mchenga ndi wa pamsika wawerengedwa payekha, kuti raimu ikuyambira pa liwu lachiwiri kuchokera kumapeto, ndi kuti pokhotera pali pa mzere wa 9 pamene woyankhula atembenukira bambo ake. Ukapereka la akakowa, chotsa mchenga m'chiganizo choyambacho.

Kondwani: Wina ali ndi mawu ogwirizana ndi "mountain"? Ndatsala ndi mizere iwiri ndipo dikishonale sikundithandiza.

Yamikani: "Fountain" basi, ndipo aliyense wolemba za phiri la Zomba amathera pomwepo. Sunthira phirilo pakati pa mzere, kumapeto uike mawu ena.